Kuuza kasitomala zimene inshuwalansi sidzalipira, iye n'kumvadi

"Ndangoyamba ntchito kwa buloka wa inshuwalansi kuno ku Lusaka. Ndikatumizira makasitomala ndime ya zinthu zosalipiridwa amangoyankha kuti 'ndaona', koma ngozi ikachitika amabwera atakwiya kuti sitinawauze. Imelo ndiziilemba bwanji kuti amve?"

Achemwali, ndime ya m'pangano inalembedwa kuti ikaime pamaso pa oweruza, n'chifukwa chake kasitomala akaiwerenga sadzionamo. Musaikopere mu imelo. Chilichonse chosalipiridwa chisandutseni nkhani yoti ingamugwere iyeyo: chochitika, chimene kampani sidzalipira, ndi chimene angachite lero lino kuti atetezeke.

Musanalembe muimbireni foni. Ngati ndi inshuwalansi ya galimoto, mufunseni: galimoto amaigwiritsa ntchito yanji? Amaiyendetsa ndani? Imatuluka m'dziko? Pangano likhoza kukhala ndi zosalipiridwa makumi awiri, koma mayankho akewo akuonetsani zitatu kapena zinayi zimene zikumukhudza. Zimenezo ndizo zilowe mu imelo. Za nkhondo ndi za nyukiliya zisiyeni m'chikalata chimene mutumize limodzi ndi imeloyo.

Tinene kuti mayi wina wa ku Chelston akugula inshuwalansi ya kompulihensivu ya Toyota Vitz yake yopitira kuntchito. Pafoni watchulako kuti mwana wake amafuna kumanyamula anthu pa Yango madzulo, komanso kuti pa Khirisimasi apita ku Lilongwe kudzera pa Mwami. Pamutu pa imelo mulembe kuti "Nthawi zitatu zimene inshuwalansi ya Vitz yanu sidzalipira", ndipo m'kati muyende motere:

"Mayi, inshuwalansi yanu imalipira galimoto ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa. Koma ikachita ngozi ikunyamula anthu olipira, monga pa Yango, kampani sidzakonzetsa galimotoyo, chifukwa pangano lanu ndi la maulendo anu ndi a banja lanu basi (tsamba 4). Ngati mwana wanu ayambedi ntchitoyi, tiuzeni asananyamule munthu woyamba kuti tisinthe pangano. Mtengo udzakwera, ndipo tidzakuuzani ndi zingati musanavomere.

Chachiwiri, kampani sidzalipira ngati woyendetsa alibe laisensi yoyenera kapena waledzera, ngakhale mutamubwereka ndinu (tsamba 6).

Chachitatu, pangano lanu limagwira ntchito m'Zambia mokha (tsamba 2). Popita ku Lilongwe mudzafunika khadi lachikasu la COMESA, koma khadilo limalipira anthu ena amene mwawavulaza, osati kukonza Vitz yanu. Kuti galimoto itetezedwenso ku Malawi, tiuzeni masiku a ulendo.

Chonde tiyankheni: mwana wanu ayamba liti kunyamula anthu? Imelo iyi ikungofotokoza, mawu onse a pangano ali m'chikalata chili pamodzichi."

Funso lomalizalo ndi dala. Mukafunsa kuti "mwamvetsa?" munthu aliyense waulemu amati inde. Funso lofuna tsiku kapena dzina limamukakamiza kuwerenga, ndipo yankho lake mumalisunga mufailo. Mkangano ukadzafika ku PIA, bungwe loyang'anira za penshoni ndi inshuwalansi m'dziko muno, imelo imeneyo idzaonetsa zimene anauzidwa ndi tsiku lake.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pofewetsa mawu mpaka tanthauzo kusintha. Pangano likanena kuti silikonza matayala pokhapokha galimoto itawonongekanso pa ngozi yomweyo, inu n'kulemba kuti "matayala salipiridwa", mwanama, ndipo kasitomala adzataya ndalama zimene akanalandira. Mukamaliza kulemba, yerekezani chiganizo chilichonse ndi ndime yake, makamaka pamene pali "pokhapokha" ndi "kupatula". Mapangano a makampani amasiyana, choncho musatenge imelo ya kasitomala wa kampani ina n'kungosintha dzina. Mawu akuti "kompulihensivu imalipira zonse" asatuluke m'kamwa mwanu ngakhale pocheza, ndipo "mwina sangalipire" muwalembe pokhapo pangano lenilenilo likusiya mpata.

Ekisesi ipatseni ndime yakeyake, chifukwa makasitomala amaisokoneza ndi kukanidwa. Chosalipiridwa ndiye kuti kampani siperekapo kalikonse, pamene ekisesi ndi gawo limene kasitomala amalipira yekha pa kilemu yovomerezedwa. Apa manambala ndiwo amamveka. Ngati pangano likuti 10 peresenti ya ndalama zokonzetsera koma osachepera K2,500, lembani kuti: "Kukonza kukakwana K20,000, inu mudzapereka K2,500, kampani K17,500." Mayi uja akawerengera yekha apeza K2,000, ndiye onjezani chiganizo chonena kuti 10 peresenti ikachepera K2,500, amalipira K2,500.

Ngati kasitomala amawerenga Chingerezi, lembani m'Chingerezi mwa dongosolo lomweli. Ambiri adzaiwerenga pafoni ali m'minibasi, choncho ndime iliyonse isapitirire ziganizo zitatu kapena zinayi, ndipo itumizidwe asanalipire pulimiyamu, osati kilemu itakanidwa kale.