Kiyibodi yopanda waya ikudumpha zilembo, ndigule ina?

"Abale thandizeni. Kiyibodi yanga yopanda waya, ya kakarisiva kobaya pa USB, yayamba kuvuta, zilembo zikumachedwa kutuluka, zina osatuluka n'komwe. Inabwera limodzi ndi mawusi, kompyuta yake ndi yaikulu ija ili pansi pa tebulo. Yatha ntchito ndigule ina?"

Achimwene musathamangire kukagula kaye, chifukwa mwatchula kuti kompyuta ili pansi pa tebulo ndiye ine ndikukayikira kale pomwe mwabaya kakarisivako. Koma tiyeni tiyambe ndi kuyesa komwe sikufuna ndalama.

Tsegulani Notepad, lembani 1234567890 mizere khumi pang'onopang'ono kenako muwerenge zomwe zasowa. Ngati nambala yosowa ili imodzimodzi nthawi zonse, kaya 7 yekhayekha, imeneyo si nkhani ya risiva ayi, ndi batani lomwelo lalowa fumbi kapena tiyi. Koma ngati zikusowa mwachisawawa, apa 3 apo 8, kapena mwangoona 55555 mutadina kamodzi, ndiye kuti uthenga ukutayika panjira. Kiyibodi imatumiza mauthenga awiri pa batani lililonse, wina woti ladinidwa wina woti lasiyidwa, ndiye wachiwiriwo ukachedwa kompyuta imaganiza kuti chala chikadali pompo n'kumangobwereza chilembocho.

Kenako yang'anani mawusi yanu. Ngati ikugwiritsa kakarisiva komweko ndi kiyibodi, ndi mboni yabwino kwambiri. Kiyibodi yokha ikamavuta mawusi ili bwinobwino, kayikirani mabatire a kiyibodi. Zonse ziwiri zikamavuta nthawi imodzi, kamuvi kaja kakudumphadumpha pomwe zilembo zikusowa, mabatire asiyeni, vuto lili pa risiva.

Za mabatire sindichulutsa. Ikani atsopano onse awiri, osasakaniza latsopano ndi lakale chifukwa lofookalo limabweza linzake m'mbuyo. Gulani olembedwa Alkaline, otchipa aja olembedwa Heavy Duty sachedwa kutsika mphamvu olo dzina lake likumveka lamphamvu. Ngati pafupi nanu pali wokonza mafoni mupempheni akuyezereni, latsopano limawerenga 1.5V kapena kuposera pang'ono, likamafika cha m'ma 1.2V kutsika m'munsi lichotseni. Otchaja aja ndi osiyana, iwowo 1.2V ndi mphamvu yawo yanthawi zonse ndiye musawataye poganiza kuti afa. Ndipo musadalire kuti kagetsi kobiriwira kakuyaka eti, kuyatsa kagetsi kamphindi kochepa sikufuna mphamvu yambiri. Mukatsegula chivundikiro muonenso tizitsulo tokhudza batire, mukapeza zoyerayera ngati mchere ndi batire lomwe linadontha, palani bwinobwino mpaka chitsulo chiwale.

Tsopano nkhani yeniyeni. Tirisiva timeneti timalankhula ndi kiyibodi pa 2.4 GHz, pomwenso pamadutsa wayifayi, Bluetooth, mpaka mayikulowevu ya kukhitchini. Kanyanga kolandirira uthenga kali m'kati mwa kapulasitiki kakuda kaja kangati chikhadabo, ndiye n'kofooka ndithu. Pabokosi amalemba mamita 10 koma amenewo ndi a pamalo poyera popanda chotchinga. Inu mukakabaya kumbuyo kwa kompyuta, pakati pa kiyibodi ndi iko pali bokosi lachitsulo, tebulo, miyendo yanu, ndipo chitsulo uthenga wamtunduwu sichiwulola kudutsa, thupi la munthu nalonso limaumeza poti mbali yake yaikulu ndi madzi.

Chinanso chomwe anthu ambiri sadziwa ndi USB 3.0, mabowo a m'kati mwa buluu aja, ena amalembedwa SS pambali. Mukabayapo fulashi kapena hadi yakunja ya USB 3.0, liwiro lomwe imayendera limatulutsa phokoso la magetsi lomwe limagwera pa 2.4 GHz pomwepo. Si nkhambakamwa, a Intel okha analemba za vutoli mu 2012. Ndiye kakarisiva kakakhala khomo loyandikana ndi hadiyo zili ngati mukuyesa kumva munthu akunong'ona inu muli m'chigayo.

Ine zinandichitikira pa kashopu kanga kotayipa ndi kupulinta ku Kawale. M'mawa kiyibodi imalemba bwino, koma masana anthu akachuluka imayamba kudumpha zilembo, kalata ya kasitomala yofunsira ntchito kutuluka ndi mawu oduka, ndipo zimandiwawa chifukwa munthu walipira ndalama yake akuyembekeza pepala labwino. Ndinasintha mabatire kawiri sabata imodzi osathandiza. Tsiku lina ndi pomwe ndinazindikira kuti zimayamba ndikabaya hadi yomwe ndimasungamo mafayilo a makasitomala, ndipo inali bowo la buluu logundizana ndi kakarisiva kumbuyo. Ndinayesa mizere khumi ija hadi itazulidwa, palibe chinasowa. Kubwezeretsa hadi n'kuyamba kukopa fayilo yaikulu, pafupifupi mzere uliwonse unali ndi nambala yosowa. Ndinapita ku Malangalanga kukagula chingwe chowonjezera cha USB cha mita imodzi, ndinabaya pa bowo lakuda la USB 2.0, kakarisiva n'kukamata ndi selotepi pamwamba pa tebulo pafupi ndi sikilini, mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka pa kiyibodi. Kiyibodi yomweyo ndikulembera pano.

Ndiye inu chitani chonchi lero lomwe musanagule chingwe: zulani kakarisiva kumbuyoko mukabaye kutsogolo, bowo lakuda ngati lilipo, chotsani mafulashi onse, mubwereze mizere ija. Zikasintha olo pang'ono mwaligwira vuto. Chingwecho mukamagula sankhani cha USB 2.0 wamba, chotchipacho, kiyibodi siifuna liwiro ndipo cholinga ndi kutalikitsa risiva ku mabowo a buluuwo.

Kamayifayi kapena rauta ngati kamakhala patebulo lomwelo kasunthireni uko mita imodzi kapena awiri, foni yomwe mwayatsa hotisipoti chimodzimodzi musaigoneke pambali pa risiva. Ngati rauta yanu ili ndi 5 GHz lumikizani kompyuta kumeneko, njira ya kiyibodi ipumeko. Mudzaona kuti vuto la wayifayi limakula mukamadawunilodi chinthu chachikulu, mukasiya limachepa.

Pali kamodzi komwe sikavuto kwenikweni. Mukasiya kiyibodi kwakanthawi imagona kuti isunge batire, ndiye chilembo choyamba mukabwerera chimatha kuchedwa kapena kusowa, ingodinani Shift kaye muidzutse. Koma zikanyanya pa Windows lowani mu Device Manager, pansi pa Universal Serial Bus controllers tsegulani USB Root Hub, pa Power Management chotsani kachizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power.

Zonsezi zikakanika, bwerekani kiyibodi yawaya kwa mnzanu wa ofesi yoyandikana muyese. Nayonso ikamachedwa ndiye kuti ikulemedwa ndi kompyutayo, tsegulani Task Manager muone chomwe chikudya Memory kapena Disk. Yawaya ikamalemba bwino, tengani yanuyo ndi kakarisiva kake mukayese pa laputopu ya munthu wina, mabatire atsopano, risiva ili pafupi. Ikakadumphanso kumeneko apo ndiye gulani ina, ndipo dziwani kuti makiyibodi otchipa ambiri kakarisiva kake kanamangidwa ndi kiyibodi yakeyo kufakitale, ndiye wina asakugulitseni kakarisiva kokha musanakayese pa kiyibodi yanu pompo pashopu.