Funsani Dokotala: Ndamwa mankhwala masiku 12 koma palibe chasintha

Adokotala, ndine mayi wa zaka 34. Kuchipatala anandipeza ndi matenda ovutika maganizo ndipo anandipatsa fuluokisetini, kapisozi mmodzi m'mawa uliwonse. Lero ndi tsiku la 12 koma ndikungomva nseru, mtima udakali wolemera. Mnzanga anapatsidwa amitiriputilini ndipo anagona tulo usiku woyamba womwewo. Achimwene anga akuti zoti matendawa amabwera chifukwa chosowa serotonini ndi zabodza. Kodi ndingosiya?

Mayi, musasiye. Tsiku la 12 ndi nthawi imene anthu ambiri amataya mtima, chifukwa zovuta za mankhwalawa zimafika msanga pomwe ubwino wake umachedwa. Nseru, kupweteka kwa mutu, kusakhazikika ndi kusowa tulo zimayamba m'masiku oyambirira ndipo kawirikawiri zimazilala pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Muzimwa kapisozi wanu mutadya phala kapena chilichonse cha m'mawa, nseruyo ichepa. Kupepuka kwa mtima kumayamba kuoneka pakati pa masabata awiri ndi anayi, ndipo ife madokotala sitigamula kuti mankhwala alephera asanakwane masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, munthu akumwa tsiku lililonse.

Mankhwala a mnzanuyo ndi a gulu lina. M'bongo, maselo a minyewa amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timadzi tosiyanasiyana, ndipo tiwiri totikhudza pano ndi serotonini ndi noradirenalini. Selo likatulutsa timadziti, limatiyamwanso uthenga ukangodutsa. Fuluokisetini ali m'gulu lotchedwa SSRI, limene limatsekereza kuyamwidwa kwa serotonini yekha, choncho serotoniniyo amakhalitsa pakati pa maselo. Amitiriputilini ndi wa gulu lakale la matirayisayikiliki. Iye amatsekereza kuyamwidwa kwa serotonini ndi noradirenalini yemwe, koma amakhudzanso mbali zina za thupi, n'chifukwa chake amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, komanso amagonetsa. Tulo ta mnzanuto tinabwera chifukwa cha kugonetsako. Matenda ake anali asanayambe kuchoka, ndipo nayenso adikira masabata ngati inu. Palinso gulu la SNRI, monga venilafakisini, ndi gulu la MAOI limene masiku ano siligwiritsidwa ntchito kwambiri popeza limadana ndi zakudya zina komanso mankhwala ambiri.

Achimwene anu akhudza nkhani yeniyeni, ngakhale afika nayo patali. Mankhwala oyamba a matendawa anapezeka mwangozi. Cha mu 1952, madokotala ku Amereka anaona kuti odwala chifuwa chachikulu amene ankapatsidwa ipuroniyazidi ayamba kusangalala modabwitsa. Mu 1957 dokotala wa ku Switzerland, Roland Kuhn, analengeza kuti imipuramini akuthandiza odwala ovutika maganizo. Kenako kunadziwika kuti mankhwala onse awiri amachulukitsa timadzi tija, timene tonse pamodzi timatchedwa mamonoamini. Apa akatswiri anaganiza chobwerera m'mbuyo: ngati kuchulukitsa timadziti kukuchiritsa, ndiye kuti matendawa ndi kuchepa kwake. Joseph Schildkraut anafotokoza ganizoli mu 1965 potengera noradirenalini, ndipo ena anawonjezerapo serotonini.

Ganizoli lili ndi mipata, ndipo waukulu kwambiri ndi umene mukuuona m'thupi mwanu. Fuluokisetini amayamba kutsekereza kuyamwidwa kwa serotonini patangopita maola ochepa munthu atamwa. Chikhala kuti vuto ndi kuperewera kokha, bwenzi mutapeza bwino tsiku lachiwiri. Ofufuza anayesanso kutsitsa serotonini mwadala mwa anthu abwinobwino, powamwetsa chakumwa chopanda tiriputofani, chinthu cha m'zakudya chimene thupi limapangira serotonini, ndipo ambiri amene sanadwalepo matendawa sanayambe kuvutika maganizo. Mu 2022 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Joanna Moncrieff linasanthula kafukufuku wa zaka zambiri ndipo linati palibe umboni wokhazikika woti odwala ali ndi serotonini wochepa. N'chifukwa chake ine sindiuza wodwala aliyense kuti "serotonini wanu watsika", ndipo kulibe kuyeza magazi kumene kungasonyeze zimenezo.

Pamene achimwene anu aphonya ndi poganiza kuti kufotokozako kukagwa, mankhwala nawonso agwa. Panado amathetsa mutu, koma palibe amene amadwala mutu chifukwa chosowa panado m'thupi. Mphamvu ya mankhwala imayezedwa powayerekezera ndi mapiritsi opanda mankhwala, ndipo pa mayeso oterowo mankhwala a matendawa amapambana. Kusiyanako si kwakukulu monga ankalengezera kale, ndipo pa kuvutika maganizo kochepa uphungu ndiwo uyenera kuyamba. Koma pa munthu amene wasiya kudya bwino, kugwira ntchito ndi kusamala ana, mankhwala ali ndi malo ake.

Nanga m'masabata odikirawa mukuchitika chiyani? Maselo opanga serotonini ali ndi timbali tomva kuchuluka kwake. Akamva kuti wachuluka, amachepetsa kutulutsa, motero poyamba thupi limakhala likubweza zimene mankhwala akuchita. Pakatha masabata awiri kapena atatu timbali timeneti timazolowera, ndipo maselo amayambanso kutulutsa mokwanira. Ofufuza ena akusonyeza kuti chofunika kwambiri ndi zimene zimatsatira, pamene maselo a m'bongo amamanga malumikizano atsopano, ntchito yosatheka tsiku limodzi. Catherine Harmer ndi anzake ku Oxford anapezanso kuti m'masiku oyambirira munthu amayamba kuona nkhope ndi mawu a anthu ena mosaipitsa kwambiri, iye asanazindikire kuti akusintha. Ichi n'chifukwa chake ndimafunsanso a pabanja. Nthawi zambiri iwo ndi amene amayamba kuona kuti mayi wadzuka n'kusesa pakhomo, wamaliza nsima yake, wayankha moni wa aneba, mwiniwake akunenabe kuti palibe chasintha.

Choncho pitirizani ndi mamiligalamu 20 amene mwachidziwikire ndiwo munapatsidwa. Muziona tulo, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zogwirira ntchito, popeza izi zimakonda kubwerera chimwemwe chisanabwere. Pa sabata yachinayi mubwerere kuchipatala. Ngati pali kusintha ngakhale pang'ono, mupitiriza. Ngati palibe chilichonse, dokotala angakweze kufika pa mamiligalamu 40 kapena kukusinthirani mankhwala. Zimenezi zimachitika kawirikawiri: pa kafukufuku wamkulu wa ku Amereka wotchedwa STAR*D, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu ndi amene anachira kwathunthu ndi mankhwala oyamba. Mukachira mudzamwabe kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, chifukwa osiya msanga matenda amawabwerera.

Chonde musabwereke mapiritsi a mnzanu kuti mugone. Fuluokisetini amakhala m'thupi kwa masabata angapo ndipo amachedwetsa chiwindi kuchotsa amitiriputilini, amene akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Mukapatsidwa tiramado wa ululu, auzeni kuti muli pa fuluokisetini, chifukwa awiriwa akakumana angayambitse kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi ndi kusokonezeka. Ndipo musadikire sabata yachinayi ngati mwayamba kuganiza zodzipha, ngati mukulephera kukhala pansi chifukwa cha kusakhazikika, kapena ngati mwayamba kugona maola awiri okha osatopa, kulankhula kwambiri ndi kumwaza ndalama. Zikatero muuze wachibale akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.