Wa kamera wabweza nkhani yanu? Tiyeni tiyikonze tsamba loyamba limenelo

"Achimwene, ine ndili ku Ulongwe kuno ku Angoniya. Gulu lathu takhala tikupanga masewero kutchalitchi ndi pa wailesi, pano tikufuna kujambula filimu yayifupi. Ndinalemba nkhani masamba 9 koma mnyamata wa kamera wochokera ku Tete wabweza, akuti iyi si sikiripiti, sakuona poyambira. Ndalakwitsa pati? Tsamba loyamba ndakutumizirani."

Achemwali, ndaliwerenga tsambalo ndipo nkhani yanu ndi yabwino, musataye mtima ndi mnyamatayo chifukwa naye sakunama. Chimene mwalemba inu ndi nkhani yoti munthu awerenge atakhala pakhonde, pomwe iye akufuna pepala logwirira ntchito, loti akangoliyang'ana adziwe kuti kamera ayiyika pati, nthawi yanji, pakhale ndani, ndipo azichita chani. Malamulo onse a kalembedwe ka sikiripiti achokera pamenepo basi.

Mzere wanu woyamba ukuti: "Mayi Nambewe anali ndi nkhawa chifukwa ndalama za fetereza zimene anasunga kwa miyezi itatu zinasowa, ndipo mumtima ankaganizira mwana wawo Yohane." Ndiye tayerekezani kuti mwagwira kamera inuyo, mujambula chani apa? Nkhawa sioneka, miyezi itatu sioneka, za mumtimazo ndiye nkomwe. Pa wailesi mukanangopatsa wofotokoza nkhani kuti awerenge zatha, koma filimu imafuna choti diso lione kapena khutu limve. Onani mzere womwewo ukalowa m'sikiripiti:

```
INT. NYUMBA YA NAMBEWE - KUCHIPINDA - USIKU

NAMBEWE (45) akugwada pambali pa bedi, tochi ya foni
ili kukamwa. Akutulutsa chitini pansi pa bedi.

Akutsegula. Mulibe kanthu. Akuchitembenuza, mukugwa
kamphira komangira ndalama.

Panja njinga yamoto IKULIRA, kenako ikuzima.
Nambewe akuyang'ana kuchitseko.
```

Palibe pomwe ndalemba kuti akuda nkhawa kapena kuti akuganizira mwana, koma amene aonere adziwa okha, kamphira kaja ndi njinga ija zanena zonse.

Tiyambe ndi mzere wapamwambawo, mutu wa siini, chifukwa ndi umene mnyamata wanu anausakasaka osaupeza. Umalembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha ndipo uli ndi zinthu zitatu. Choyamba `INT.` ngati tili mkati kapena `EXT.` ngati tili panja, ndipo ziwirizi zisiyeni momwemo musazimasulire chifukwa aliyense wa filimu amazidziwa, ngakhale olemba m'Chipwitikizi amagwiritsa zomwezo. Kenako malo, kenako nthawi. Nthawiyo ambiri amangolemba `DAY` kapena `NIGHT`, a Chipwitikizi `DIA` kapena `NOITE`, inu mukhoza kulemba MASANA ndi USIKU bola mwagwirizana ndi gulu lanu ndipo musamasinthesinthe. Musalembe kuti 4 koloko madzulo Lachitatu ayi, wa kamera akungofuna adziwe ngati adalira dzuwa kapena afunika magetsi, ndipo kwathu kuno limeneli si funso lamasewera, siini iliyonse yolembedwa USIKU panja ndiye kuti mukufunika nyali ndi jenereta kapena mabatire, choncho mukamaliza kulemba muwerenge kuti ausiku alipo angati, ena mupeza kuti akhoza kuchitika masana nkhani osaonongeka.

Mutu watsopano umabwera nthawi iliyonse imene malo asintha kapena nthawi yadumpha. Apa ndi pomwe anthu ochokera ku masewero apasiteji amagwa kwambiri, chifukwa kumeneko siini imodzi imatha kutenga mphindi khumi anthu akulowa ndi kutuluka. Mufilimu Nambewe akangotuluka m'chipinda kupita pabwalo, imeneyo ndi siini ina, `EXT.` yake payokha, ngakhale papita masekondi awiri okha, chifukwa kamera iyenera kunyamulidwa, kuwala kwasintha, mawu akumveka mosiyana. Chimodzimodzi akakhala m'chipinda momwemo koma kwacha, mutu watsopano.

Ndipo chonde dzina la malo lisamasinthe. Mukalemba NYUMBA YA NAMBEWE pa tsamba 1 musakalembe KWA AMAYI pa tsamba 5 kenako KUNYUMBA pa tsamba 8, wokonza pulogalamu yojambulira aganiza kuti ndi nyumba zitatu. Filimu sijambulidwa motsatana ndi nkhani, masiini onse a malo amodzi amasonkhanitsidwa nkujambulidwa tsiku limodzi, ndiye ngati nkhani yanu ili ndi masiini awiri a pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, wina koyambirira wina kumapeto, mupita ulendo umodzi wokha kuchokera ku Ulongwe, osati kulipira thiransipoti ya gulu lonse kawiri. Mitu yolembedwa bwino ndi imene imakupulumutsirani mametikali amenewo.

Tsopano mizere ya zochitika, ija ili pansi pa mutu. Imalembedwa ngati zikuchitika pompano, akugwada, akutsegula, osati anagwada. Dzina la munthu limakhala m'zilembo zazikulu koyamba kokha pamene akuonekera, pamodzi ndi zaka zake, pambuyo pake mumalemba mwamasiku onse. Phokoso lofunika nalonso ena amalilemba m'zilembo zazikulu ngati IKULIRA ija kuti wa zamawu asaliphonye. Ndime zikhale zazifupi, mizere itatu kapena inayi kenako mudumphe mzere. Ine ndimakonda kuti ndime iliyonse ikhale ngati chinthu chimodzi chomwe diso likuyang'ana, motero mukumuuza wa kamera pomwe ayang'ane popanda kumulembera kuti yandikitsa kamera apa, zungulira apa. Zimenezo musiyireni dayirekita, ndi ntchito yake, ndipo tsamba lodzadza ndi malangizo a kamera limatopetsa ochita sewero amene akungofuna kudziwa zoti achite. Njira yodziyesera ndi yosavuta, dutsani tsamba lanu ndi bolopeni mukhwatche paliponse pomwe pali akuganiza, akukumbukira, akudziwa kuti, akumva chisoni, ndiye pamalo pakepo mudzifunse kuti munthu ameneyu manja ake akutani.

Zokambirana zimaoneka chonchi:

```
EXT. NYUMBA YA NAMBEWE - PABWALO - USIKU

YOHANE (19) akupukuta njinga yamoto ndi malaya ake.

                    NAMBEWE (O.S.)
          Ya ndani imeneyo?

Nambewe akutuluka, chitini chili kumanja.

                    YOHANE
               (osacheuka)
          Ndabwereka.

                    NAMBEWE
          Mbatatesi tidzala ndi chani chaka
          chino?
```

Dzina la wolankhula lili pamzere wakewake, zilembo zazikulu nthawi zonse, mawu ake pansi pake, opanda zizindikiro zogwira mawu komanso opanda ma dontho awiri aja mumaika pa sewero la pa wailesi. `(O.S.)` ndi pamene munthu alipo pamalopo koma kamera sikumuona, ngati Nambewe akulankhulira m'nyumba. `(V.O.)` ndi ina, imeneyo ndi ya mawu ongoikidwa pamwamba, wofotokoza nkhani, kalata ikuwerengedwa, ndipo ambiri amaikanso pa munthu womveka pafoni. Poti mwachokera ku wailesi ndikudziwa `(V.O.)` ikukokani kwambiri, mufuna wofotokoza kuti anene zonse zija takhwatcha, ine ndingati pa filimu yoyamba yesani kumaliza popanda iye. Kamawu ka m'mabulaketi kaja, osacheuka, kakhale kakafupi ndipo kaikidwe pokhapokha pomwe wosewera sangadziwe yekha. Pa tsamba lanu ndaona mokwiya, mokwiya kwambiri, molira, pafupifupi mzere uliwonse, chotsani, mayi amene wapeza chitini chopanda kanthu safunika kuuzidwa kuti akwiye.

Muonenso kuti Nambewe sananene kuti mwana wanga waba ndalama zanga za fetereza zimene ndinasunga miyezi itatu. Wafunsa za mbatatesi, ndipo munthu aliyense wa ku Angoniya kapena ku Tsangano amva kulemera kwa funso limenelo. Pa wailesi mumayenera kutchula chilichonse poti omvera sakuona, apa chitini chili kumanja kale aliyense akuchiona.

Za kusintha kuchoka siini ina kupita ina sinditaya nthawi. `FADE IN:` koyambirira kumanzere, `FADE OUT.` kumapeto, zina monga `CUT TO:` ndi `DISSOLVE TO:` zimakhala kumanja kwa tsamba. Koma mutu watsopano ukutanthauza kale kuti tadula, ndiye kulemba `CUT TO:` pambuyo pa siini iliyonse nkungotha mapepala. Isungeni ya pomwe mukufuna kugunditsa zinthu ziwiri, mwachitsanzo Yohane akuti ndabwereka, `CUT TO:` akuwerenga ndalama m'manja mwa wogulitsa njinga pamsika.

Chatsala ndi maonekedwe a tsamba. Zilembo ndi `Courier` saizi 12, chifukwa chilembo chilichonse chimatenga malo ofanana, ndipo ndi pamene pamachokera kawerengedwe koti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi ya filimu. Kumanzere siyani masentimita pafupifupi 3.8 kuti mubowole nkumanga, mbali zinazo 2.5, zokambirana ziyambire cha pa 6.4 kuchokera m'mphepete mwa pepala, dzina la wolankhula cha pa 9.4. Dzinalo si loika pakatikati ndi batani lija ayi, maina onse amayambira malo amodzi. Kuchita zimenezi pamanja mu `Word` nkotheka koma kumatopetsa, ngati muli ndi kompyuta, pulogalamu ya `Trelby` ndi yaulere ndipo imakonza yokha. Ngati muli ndi foni yokha lembani mwa njira ya `Fountain`, kungolemba wamba popanda kusuntha chilichonse, mzere umene wayamba ndi `INT.` kapena `EXT.` umadziwika kuti ndi mutu, dzina m'zilembo zazikulu lotsatiridwa ndi mawu pansi pake limadziwika kuti ndi wolankhula, bola muzidumpha mzere umodzi pakati pa ndime koma osati pakati pa dzina ndi mawu ake, kenako pulogalamu yowerenga `Fountain` ikutulutsirani `PDF` yooneka bwino.

Zoti tsamba ndi mphindi musazikhulupirire ndi mtima wonse. Mawu athu Achichewa ndi atali, liwu loti ndikanakuuzanitu limodzi lokha latenga kale pafupifupi theka la mzere wa zokambirana, komanso mzere umodzi woti anthu akuvina pamwambo ukhoza kudya mphindi ziwiri pa sikirini. Mukamaliza itanani gulu liwerenge mokweza wina atagwira wotchi ya pafoni, akuchitanso zochitikazo osati kungowerenga, ndipo nambala imeneyo ndi imene mumuuze mnyamata wa kamera. Masamba anu 9 aja akalowa m'kalembedwe aka musadabwe akachuluka, pamakhala malo ambiri opanda kanthu patsamba. Yambani ndi masiini awiri takonzawa, pitirizani mpaka Yohane atathawa pakhomo, munditumizire ndione mitu yanu musanasindikize makope a gulu lonse.