Thupi likuyabwa usiku ndi usana, kodi ndipatsira banja langa?

*Adokotala, ndimakhala pafupi ndi mtsinje wothamanga kwambiri. Kwa zaka ziwiri thupi lakhala likundiyabwa moti sindigona, ndipo m'chiuno muli timibulu tiwiri tolimba, tosapweteka. Mankhwala a mphere ndadzola koma osasintha. Mkazi wanga anayamba kugona payekha. Kodi ndimupatsira?*

Bambo, mtima ukhale m'malo. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda a nyongolotsi otchedwa onkosekiyasisi, ndipo ngati ali amenewo, sapatsirana pogona limodzi, pofunda bulangeti limodzi kapena posambira beseni limodzi. Mphere ndiye zimayenda pogona limodzi ndi pofunda limodzi, ndipo zikanakhala mphere, pazaka ziwirizi bwenzi nyumba yonse ikukanda.

Ena akuuzani kuti ndi madzi a mumtsinjemo. Ayi. Mutasiya kusamba kumtsinje lero, n'kumawiritsa madzi onse, palibe chingasinthe. Wolakwa ndi kantchentche kakuda, kakang'ono, koswana pamiyala ndi pazomera pomwe madzi akuthamanga n'kumachita thovu. Kamaluma masana, ndipo kakaluma wodwala kamatenga tiana ta nyongolotsi n'kukatisiya mwa wina. Mayiwo akadzadwala, adzakhala atalumidwa ndi ntchentcheyo pochapa kapena kudimba, osati chifukwa chogona nanu.

Timibulu tanuto ndi momwe mwadzipinda nyongolotsi zikuluzikulu, zomwe zimakhala ndi moyo mpaka zaka 15. Izo siziyabwitsa. Choyabwitsa ndi tiana take tosaoneka ndi maso, toyendayenda m'khungu, makamaka tikamafa. Tomweto tikafika m'maso timawononga pang'onopang'ono, ndipo kusaona kobwera motere sikuchizika. Pamenepa ndikudzudzuleni: zaka ziwiri mukudzola mankhwala ogula nokha, chipatala chilipo? Ndipo musalole wina ateme timibuluto ndi lezala.

Pitani kuchipatala sabata ino, mukanene kuti mumakhala m'mbali mwa mtsinje wothamanga, chifukwa mawu amenewa ndi omwe angawatsegule mutu. Akakugwirani timibuluto, mwinanso akadula kachikopa kochepetsetsa m'chiuno n'kukaika m'madzi amchere kuti aone pamakina ngati mukutuluka tiana. Mupemphe akuoneninso maso, makamaka ngati akuyabwa kapena kuopa dzuwa.

Mankhwala ake ndi aivamekitini. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kapena kutalika kwanu. Munthu wotalika kupitirira masentimita 158 amamwa anayi nthawi imodzi. Sapatsa amayi oyembekezera, ana osafika masentimita 90, ndi odwala kwambiri. Mukamwa, kuyabwa kutha kuwonjezeka kwa masiku awiri kapena atatu, mwina ndi kutentha thupi kapena kutupa. Ena amathawira pomwepa, amati mankhwala awapweteka, chonsecho ndi tiana tija tikufa. Aivamekitini sapha nyongolotsi zikuluzikulu, n'chifukwa chake amamwedwa kamodzi kapena kawiri pachaka kwa zaka 10 mpaka 15, ngakhale kuyabwa kutaleka. Popita kuchipatalako mutenge mayiwo, nawonso akapimidwe.