Makalata 60 opanda yankho: vuto lili pati?

"Alangizi, ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. M'miyezi itatu ndatumiza makalata ofunsira ntchito oposa 60, koma palibe amene wandiitana. Ndalama ya mabandulo ndi ya basi amandipatsa ndi amalume, ndipo ayamba kutopa nane. Ndichite bwanji?" (Wowerenga wa ku Chawama)

Mlongo wanga, chepetsani makalata. Ndikuganiza kuti mwakhala mukutumiza kalata imodzimodzi kulikonse, n'kumangosintha dzina la kampani pamwamba. Wolemba ntchito amaizindikira kalata yotere asanamalize mzere wachiwiri. Kuyambira Lolemba likubwerali, tumizani makalata 6 okha pa sabata, koma iliyonse ikhale yolembera ntchito imeneyo basi.

Gulani kope la ana asukulu, mujambule mizere: tsiku limene mwatumiza, dzina la kampani, ntchito yake, njira imene mwatumizira, tsiku lotseka, ndi tsiku lokafunsa. Kopeli ndi limene lidzakuuzani pamene pali vuto.

Lolemba ndi losaka. Onani malonda a ntchito mu Zambia Daily Mail, mu Times of Zambia ndi pa GoZambiaJobs, musankhe zinayi zimene mukukwaniritsa zambiri mwa zofunika zake. Ngati akufuna munthu wa zaka zisanu pantchito inu mulibe n'chimodzi chomwe, idutseni. Lachiwiri ndi Lachitatu lembani. Akati akufuna wodziwa mapulogalamu a pakompyuta a Excel ndi Pastel, mawu amenewo aoneke kumtunda kwa sivii yanu, pamodzi ndi umembala wanu wa bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ZICA ngati munalembetsa. Tumizani zonse mu PDF imodzi yokhala ndi dzina lanu, osati zithunzi za pafoni zobalalika.

Makalata awiri otsalawo ndi opereka pamanja, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Musapite ku Woodlands m'mawa, ku Matero masana. Sankhani dera limodzi Lachinayi lililonse: sabata ino mashopu a hoselo a ku Kamwala, yamawa makampani a ku Chinika, inayo maofesi a mu Cairo Road. Mwatsika basi kamodzi, kwinako ndi kwa miyendo. Mabizinesi apakati ambiri salengeza ntchito. Amangofunsa anthu awo ngati akudziwa wina wosunga mabuku. Mukapereka envulopu, funsani dzina la amene walandira, mulilembe musanatuluke pageti.

Kufunsa za kalata yanu si mwano. Pakatha masiku 7 mpaka 10 kuchokera tsiku lotseka, imbani kapena tumizani imelo ya mizere itatu: ndine uje, ndinafunsira ntchito yakuti tsiku lakuti, kodi kalata yanga inafika? Chitani zimenezi Lachisanu m'mawa, makalata anayi kapena asanu pa sabata. Funsani kawiri basi, kenako dulani mzere m'kope. Koma amene analemba kuti adzaitana osankhidwa okha, asiyeni, musawavutitse.

Intavyu musamaikonzekere usiku woti mawa mukupita. Kawiri pa sabata, kwa mphindi 30, khalani ndi mnzanu akufunseni, inu muziyankha mokweza ngati muli kale m'ofesimo. Pantchito yanuyi adzakufunsani zogwirika: PAYE imalipidwa pofika pa 10 mwezi wotsatira, ya NAPSA wantchito amadulidwa 5 peresenti bwana n'kuikapo 5 ina, ndipo mumatani ngati buku lanu la ndalama silikugwirizana ndi sitetimenti ya kubanki. Funso lomalizali muliyankhe motsatira ndondomeko: kuyang'ana macheke amene sanatengedwe, ndalama imene banki yadula, ndi manambala olembedwa mozondoka. Reji, TPIN ndi makope a masatifiketi odindidwa zikhale m'fayilo imodzi nthawi zonse.

Pakatha masabata anayi, tsegulani kope. Mudzakhala mutatumiza makalata 24. Ngati palibe ngakhale foni imodzi, vuto ndi sivii kapena mtundu wa ntchito zimene mukusankha, ndiye musapitirize musanaionetse kwa munthu amene analembapo anthu ntchito. Ngati mayankho akuchokera ku a pamanja okha, onjezani tsiku lina loyenda, muchepetse mabandulo. Ngati akuitanani kawiri katatu koma osakutengani, sivii ili bwino. Wonjezerani nthawi yoyeserera kuyankha.

Chimodzi chimandipweteka mtima, chifukwa chawonongetsa ndalama za achinyamata ambiri muno mu Lusaka: munthu kukuimbirani kuti mwasankhidwa, koma muyambe mwatumiza ndalama ya kuchipatala kapena ya yunifolomu pafoni. Musatumize ngakhale ngwee imodzi.

Za amalume, apatseni kopelo Lamlungu lililonse aliwerenge okha. Muwauze kuti sabata ikubwerayi mukufunika ndalama ya ulendo umodzi wa ku Chinika ndi bandulo imodzi, ndipo ndalamayo ilembedwe patsamba lomaliza.