"Zatsala zitatu" ndi "sizibweranso" si mawu amodzi

"Ndimagulitsa zitenje zochokera ku Kyela m'dziko la Tanzania, ndimakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa WhatsApp. Mwezi watha ndinalemba kuti 'zomaliza, sizibweranso' pa chitenje china chobiriwira, zonse n'kutha tsiku lomwelo. Pano amene amandioodera wachipezanso, zikubwera 20. Ndiwauze bwanji anthu kuti ndisaoneke wabodza? Nanga katundu akamatha ndizilemba chiyani?"

Achemwali, mawu amene akuvutitsani ndi "sizibweranso". Limenelo ndi lonjezo, ndipo angalipereke ndi yekhayo amene akudziwa kuti komwe chitenjecho chimachokera anasiya kuchipanga. Ife ooda sitidziwa zimenezo. Chimene timadziwa ndi chimene chili m'chikwama mwathu lero, basi. Ndiye katundu akamatha, sankhani chiganizo choona pa zitatu izi: zatsala zakuti ndipo ndaitanitsa zina, zatsala zakuti koma sindikudziwa ngati ndizipezanso, kapena ineyo sindioodanso mtundu umenewu. Chachitatuchi mungachinene pokhapokha mwatsimikiza mumtima kuti ngakhale mutachipeza pamtengo wabwino simutenga.

Nambala ija iwerengedwe ndithu, osati yongoganizira. Tinene kuti munabweretsa zitenje 12. Zagulidwa 7. Ziwiri anthu apereka kale theka la ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndiye si zanunso, ziikeni padera m'jumbo mutalembapo mayina. Zatsala 3. Palinso mayi wina amene anangoti "mundisungireko, ndibwera kumapeto a mwezi" osapereka kalikonse. Chake musachichotse pa nambala. Muuzeni kuti mumusungira mpaka Lachisanu madzulo, akapanda kubwera chibwerera pamsika. Mukachichotsa, mulemba kuti zatsala 2 pamene zili 3, ndipo Loweruka chikatulukiranso, amene anathamanga kudzagula aziona ngati munawanamiza.

Pa sitetasi lembani chonchi: "Chobiriwira chija zatsala 3 pofika lero Lachiwiri 10 koloko m'mawa. Sindinadziwe ngati ndichipezanso." Nthawiyo ndi yofunika chifukwa sitetasi ya WhatsApp imakhala maola 24. Munthu wa ku Luwinga akhoza kuiona madzulo, n'kulipira njinga yakabaza mpaka ku Chibavi, n'kupeza zinatha masana. Zikangotha, fufutani yakaleyo, muike ina yoti "zatha". Ine ndimaona kuti mawu akuti "zatha" amakoka anthu kuposa "thamangani", chifukwa amasonyeza kuti nambala zanu zimayendadi.

Tsopano za 20 zikubwerazi. Musalengeze katundu adakali panjira. Akhoza kuchedwa pachipata cha Songwe, basi ikhoza kuwonongeka isanafike ku Karonga, kapena mungatsegule mtolo n'kupeza 16 zobiriwira ndi 4 zamtundu wina. Dikirani zifike m'manja, muziwerenge, mutambasule chimodzi panja dzuwa likuwala muchiyerekeze ndi chithunzi chakale. Zitenje zosindikizidwa ulendo wina nthawi zina zimasiyana pang'ono kuwala kwa mtundu kapena kukhuthala kwa nsalu. Ngati zasiyana, jambulani chithunzi chatsopano, musabwereze chakale.

Oyamba kumva asakhale a pa sitetasi. Yambani ndi amene anagula mwezi watha, aliyense payekha, chifukwa ena anagula poganiza kuti ku chinkhoswe adzavala okha. Alembereni mwachidule: "Amayi, chitenje chija ndinati sichibweranso chapezekanso. Ndinalankhula ndisanatsimikize, pepani. Ndafuna mumve kwa ine musanachione pa sitetasi." Musaonjezere zifukwa zambiri. Mzuzu ndi wochepa, adzachiona ndithu pa munthu wina kumsika wa Taifa kapena kutchalitchi, ndiye ndi bwino adziwiretu. Kenako uzani amene anachifuna n'kupeza chatha, motsatana ndi mmene anafunsira, muwapatse tsiku limodzi loti asankhe.

Zikatero, lengezani kwa onse ndi nambala imene yatsaladi. Ngati pa 20 paja 6 zatengedwa ndi odikirira, lembani kuti: "Chobiriwira chija chabweranso. Ndinati sichibweranso, ndinalakwitsa. Zafika 20, zotsala 14." Ngati mtengo wakwera, uikeni pomwepo pamodzi ndi wakale, munthu asamve ali kale pakhomo panu. Dziwaninso kuti kusocheretsa ogula potsatsa malonda n'koletsedwa ndi lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024, ndipo wogula ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC.

Ulendo uno mukafika pa zitatu zomaliza, muimbireni wokuooderaniyo musanalembe kanthu. Akati zilipobe ku Kyela, lembani kuti "zatsala 3, zina ndiitanitsa". Akati sakuzionanso m'mashopu, lembani zomwezo mmene wanenera, kuti panopa sizikupezeka komwe mumaooda.