Msonkhano wafupikitsidwa, anthu ndiwauze bwanji?

"Abale ndithandizeni. Ndine mlembi wa komiti ya makolo pasukulu ya pulayimale kwathu kuno. Loweruka timayenera kukumana 9 koloko mpaka 12 koloko, koma kwagwa maliro m'mudzi ndipo mwambo uyamba 11 koloko. A tcheyamani akuti tikumanebe koma titseke 10:30. Pa ajenda pali pemphero, maminitsi, lipoti la ndalama, malipiro a mlonda, njerwa za chimbudzi, lipoti la phala, chisankho cha wachiwiri kwa tcheyamani, ndi zina ndi zina. Uthenga ndiulembe bwanji?"

Pepani ndi zovutazo a mlembi. Musanalembe chilichonse pagulu la WhatsApp, imbirani a tcheyamani, mutenge pepala ndi cholembera, muwerengere limodzi nthawi yomwe mwatsala nayo. Pakamwa tikuti ola ndi theka, mphindi 90, koma zenizeni sizifika pamenepo. Anthu athu mukuwadziwa, mukayamba 9:15 ndiye kuti mwachita mwayi. Pemphero ndi malonje zitenga mphindi 5, kuwerenga ndi kuvomereza maminitsi mphindi 10, kutseka mphindi 5. Mwatsala ndi mphindi 55 zokha zokambira nkhani. M'mphindi 55 mumalowa nkhani zitatu, osapitirira apo. Mukaumirira kuti zonse zilowemo, iliyonse mudzangoinyambita, ndipo mudzabalalika popanda chomwe mwamanga.

Posankha zitatuzo musayang'ane kuti nkhani yaikulu ndi iti. Dzifunseni kuti ndi iti yomwe iwonongeke ikadikira masabata awiri. Mlonda akuyembekeza malipiro ake pakutha pa mwezi, ndiye yake singadikire, ndipo simungaikambe musanamve kuti m'thumba muli zingati, choncho lipoti la msungichuma likhale patsogolo pake. Njerwa nazo zili ndi nyengo yake: uvuni ukapanda kuotchedwa mvula isanayambe, zidina zimasungunuka, chimbudzicho mudzachiona chaka chamawa. Ine ndikanapatsa ndalama mphindi 20, mlonda 15, njerwa 20. Zakwana 55.

Chisankho chisunthidwe, ndipo chifukwa chake si nthawi yokha. Tsiku la maliro amayi ambiri amakhala ali kusiwa ndi kophika, abambo ena alawirira kumanda kukathandiza adzukulu. Mukasankha munthu anthu ali ochepa, mawa lake kudzamveka kuti munachita kubera dala, ndipo wosankhidwayo adzayamba ntchito ndi chitonzo chomwe sanachipute. Onaninso malamulo a komiti yanu ngati akunena chiwerengero cha anthu oyenera kupezeka kuti chisankho chitheke. Lipoti la phala ndi longomva, silifuna kuti manja akwezedwe, choncho lingathe kulembedwa n'kutumizidwa pagulu. Zina ndi zina zichotsedwe basi. Mfundo imeneyi ndi imene imadya nthawi kuposa zonse, chifukwa palibe amadziwa chomwe chituluke mmenemo.

Pali anthu oti muwaimbire foni uthenga wa pagulu usanatuluke. Woyamba ndi mwini wake wa lipoti la phala. Munthu wakonzekera sabata yonse, mwina wachita kuyenda kukafunsa kwa ophika kuti matumba a ufa atsala angati, ndiye angoona pa WhatsApp pamodzi ndi wina aliyense kuti nkhani yake yachotsedwa? Zimawawa zimenezo, ndipo ena amangosiyiratu kubwera osanena chifukwa. Mphindi ziwiri za foni zikwanira: muwauze chomwe chachitika, muwapemphe alembe, mugwirizane tsiku lotumizira. Ena ndi amene amapikisana pa udindo uja, onse auzidwe tsiku limodzi kuti wina asaoneke ngati wanong'onezedwa. Komanso a tcheyamani akhale atadziwitsa amfumu kuti mukumana mwachidule maliro asanayambe, chifukwa m'midzi yambiri kuchititsa msonkhano kuli zovuta osapempha kumaoneka ngati mwano.

Uthengawo ndikanaulemba chonchi, masiku musinthe kuti agwirizane ndi anu:

"Moni nonse a komiti. Msonkhano wa Loweruka pa 11 Okutobala ULIPO, malo omwe aja, kuyamba 9 koloko. Chifukwa cha zovuta zomwe zatigwera, a tcheyamani akuti titseke 10:30 kuti tonse tikapezeke kumwambo. Tikambirana: maminitsi, lipoti la ndalama, malipiro a mlonda, ndi njerwa za chimbudzi. Chisankho cha wachiwiri kwa tcheyamani chasunthidwira Loweruka pa 25 Okutobala, 9 koloko. Lipoti la phala litumizidwa pagulu pano pofika Lachitatu. Zina ndi zina sizikhalapo. Amene ali ndi nkhani andipatse ine kuti ilowe pa ajenda ya pa 25. Chonde tisunge nthawi. Mukaona uthengawu yankhani kuti ndaona."

Mawu akuti ULIPO ndawaika koyambirira dala, ndipo ndinaphunzira movutikira. Nthawi ina ndili mlembi wa kagulu kena, ndinayamba uthenga ndi mawu akuti "Pepani, msonkhano wasintha chifukwa cha maliro", tsatanetsatane n'kumuika pansi. Ambiri anangowerenga mzere woonekera pamwamba pa foni, osatsegula, n'kuganiza kuti walephereka. Ena anauzanso anzawo omwe alibe WhatsApp kuti kulibe msonkhano. Tinapezeka anthu anayi pansi pa mtengo, tinangopemphera n'kunyamuka. Mawu akuti "wasintha" ndi oopsa chifukwa aliyense amawamva mwake: wina tsiku, wina malo, wina kuti wathetsedwa. Nenani kaye zomwe sizinasinthe, kenako chomwe chasintha.

Chinanso, nkhani yosunthidwa ikhale ndi tsiku lake. Mukalemba kuti "tidzakambirana mtsogolo muno", anthu amamva kuti yakwiriridwa, makamaka ikakhala ya maudindo kapena ya ndalama. Ngati a tcheyamani sanatchule tsiku, akakamizeni atchule musanatumize. Ndipo onani kuti ndalemba kuti "a tcheyamani akuti". Mlembi ndi wamthenga, wodula ajenda ndi wapampando. Mukalemba ngati mwaganiza nokha, madandaulo onse adzagwera inu.

Za maliro musatambasule. Dzina la malemu ndi chomwe chawatenga ndi za eni ake kulengeza, inu chiganizo chimodzi chakwana. Musadzazenso uthenga ndi mapepani asanu, amakwirira nthawi ndi masiku omwe anthu akufuna kuona.

Amene ali ndi mafoni a mabatani atumizireni esemesi yaifupi: ulipo, 9 koloko, kutseka 10:30, chisankho pa 25. Esemesi imodzi imatenga zilembo 160, ndiye izi zikwanamo. Kwa akuluakulu omwe kuwerenga kumawavuta, uthenga wa mawu wosafika mphindi imodzi umathandiza, koma utsatane ndi wolembawo, usalowe m'malo mwake, chifukwa tsiku lonenedwa pakamwa limaiwalika. Tumizani lero lomwe. Lachisanu madzulo muone amene sanayankhe, amenewo muwaimbire kapena mutume mwana wa sukulu ndi kakalata.

Loweruka lenilenilo, a tcheyamani akangotha pemphero abwereze kuti titseka 10:30 ndipo nkhani ndi izi, popeza sipalephera wina yemwe sanamve. Inuyo foni ikhale patebulo, muziwakodola nthawi ya nkhani ikatha. Wina akadzutsa za phala kapena za chisankho, yankho ndi lakuti zili ndi tsiku lake kale. M'maminitsi mulembe mzere wakuti msonkhano unafupikitsidwa chifukwa cha maliro, chisankho chasunthidwira pa 25 Okutobala, lipoti la phala litumizidwa polemba. Pokonza ajenda ya pa 25, chisankhocho chibwere akangovomereza maminitsi, chisakhalenso kumapeto komwe chingadulidwe kachiwiri.